Kugawa Mtanda M'zidutswa Pakompyuta

Mainjiniya akafuna kudziwa mmene mtanda wachitsulo ungapindikire ukasenza katundu, amaujambula pakompyuta n'kuugawa m'zidutswa. Kompyutayo imawerengera chidutswa chilichonse, kenako n'kulumikiza zotsatira zonse. Funso limakhala lakuti zidutswazo zichuluke bwanji.

Chitsanzo chabwino ndi mtanda womangiriridwa kukhoma mbali imodzi, wotalika mamilimita 2000, wokhuthala 100, wotambalala 50, womwe wasenza kunsonga katundu wa manyutoni 1000, pafupifupi matumba awiri a simenti. Powerengera pamanja amagwiritsa ntchito δ = PL³/(3EI). P ndi katunduyo, L ndi kutalika, E ndi kulimba kwa chitsulo (200000 N/mm²), pomwe I imachokera ku maonekedwe a mtandawo: 50 × 100³/12. Yankho lake ndi lakuti nsonga idzatsika mamilimita 3.2.

Mtandawo ukajambulidwa chammbali n'kugawidwa m'zidutswa zochepa zamakona atatu, kompyuta imapereka nambala yochepera 3.2, chifukwa zidutswa zikuluzikulu sizipindika mokwanira. Injiniya amachepetsa kukula kwa zidutswazo ndi theka, n'kuwerengeranso, mpaka yankho litasiya kusintha kwenikweni. Likhoza kupitirira 3.2 pang'onong'ono, ndipo si vuto ayi: kuwerengera kwapamanja kuja sikuganizira kutsetsereka kwa mkati mwa chitsulo.

Koma likadzakhazikika pa 12.8, kugawa sikunalakwike. Munthu anasinthanitsa 50 ndi 100, ndiye kuti mtanda wagona chafufumimba, ndipo kuwonjezera zidutswa sikungaulule cholakwa chimenechi.