Odita akatembenuza mabuku anu, amasiya chiyani m'fayilo yake?

Odita akamaliza kufufuza mabuku a ndalama a kampani, sukulu kapena bungwe la alimi, anthu amangoona lipoti lake la masamba ochepa. Koma kuseri kwa lipotilo kumakhala fayilo ya mapepala a ntchito, momwe iye analembamo zonse zimene anachita. Muyeso wa fayilo imeneyi ndi umodzi: odita wina wodziwa ntchito, amene sanapondeko phazi pamalopo, athe kuitsegula, kutenga zikalata zomwezo, kuchita zomwe mnzake anachita, n'kupeza zomwe mnzakeyo anapeza, popanda kumuimbira foni.

Lamulo la maodita pa dziko lonse lokhudza nkhaniyi limatchedwa ISA 230, ndipo maodita a ku Malawi kuno amalitsatiranso. Limati fayilo ionetse ntchito imene inachitika, nthawi yake ndi kukula kwake, zimene zinapezeka pamodzi ndi umboni wake, komanso mmene odita anagamulira nkhani zikuluzikulu. Limanenanso kuti kufotokoza kwa pakamwa pakokha si umboni wokwanira woti ntchito inagwiridwa. N'chifukwa chake maodita amakonda kunena kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike.

Tiyerekeze kuti odita watumidwa ku bungwe la alimi kukaona ngati ndalama zimene bungwelo linalipira m'chaka chathachi zinagulitsidwadi katundu amene anafika. Odita waulesi amangolemba mzere umodzi: "Ndaona mavocha angapo, zonse zili bwino." Mzere umenewu sungathandize aliyense. Mavocha ake ati? Anawasankha bwanji? Anaona chiyani pa vocha iliyonse? Wobwera pambuyo alibe poyambira.

Odita wosamala amayamba ndi cholinga, kenako gwero la zimene wagwiritsa ntchito. Amalemba kuti mndandanda wa malipiro anaulandira kwa akauntanti wa bungwe pa tsiku lakutilakuti, kuti muli mavocha 600 oyambira nambala 1 mpaka 600, ndipo onse pamodzi akukwana K180,000,000. Amalembanso kuti wawonkhetsa yekha mndandandawo ndipo chiwerengerocho chafanana ndi chimene chili m'buku lalikulu la maakaunti. Apa pali nkhani, pakuti ngati wina anachotsa mavocha okayikitsa asanapereke mndandandawo, odita akhoza kufufuza mwakhama zotsalazo koma osapeza kanthu. Kope la mndandandawo liyenera kulowa m'fayilo, chifukwa za mu kompyuta zimatha kusinthidwa mawa.

Popeza sangaone mavocha onse 600, amasankha ena, ndipo njira yosankhira iyenera kulembedwa. Tinene kuti wayambira pa vocha nambala 7 n'kumatenga imodzi pa mavocha 25 aliwonse: 7, 32, 57, mpaka 582. Onse akukwana 24. Akalemba poyambira ndi mpata wodumphawo, odita wina aliyense adzatulutsa mavocha 24 omwewo. Akhozanso kuwonjezera malipiro onse opitirira K5,000,000, ndipo akatero alembe malire amenewo ndi chifukwa chake. Izi zimatsekanso mpata woti akauntanti azisankhira odita mavocha okhaokha amene ali olongosoka.

Pa vocha iliyonse amalemba zoizindikiritsa: nambala yake, tsiku, wolipidwa, ndalama, nambala ya invoisi ndi nambala ya cheke kapena ya malipiro a ku banki. Kenako amaonetsa zimene wayerekezera: kodi invoisi ikugwirizana ndi oda, kodi chikalata cholandirira katundu chikuonetsa kuti katundu anafika, kodi wovomereza malipiro ali ndi udindo wotero, ndipo kodi ndalamazo zikuoneka pa sitetimenti ya ku banki. Maodita amachonga ndi timazizindikiro tosiyanasiyana, koma kachizindikiro kalikonse kayenera kumasuliridwa m'munsi mwa tsamba. Kuchonga kopanda tanthauzo sikuuza munthu ngati odita anaona invoisi yeniyeni, fotokope, kapena anangomva kuti ilipo.

Ntchito imakula pamene china chake sichikugwirizana. Pa vocha nambala 207, bungwe linalipira K3,600,000 pa matumba 30 a feteleza, thumba lililonse K120,000. Koma chikalata cholandirira katundu chikuonetsa matumba 27. Matumba atatu, a K360,000, sakuoneka. Odita afunsa woyang'anira sitolo, ndipo iye ayankha kuti otsalawo anabwera patapita sabata. Odita alembe amene wamufunsa, udindo wake, tsiku, ndi zimene wayankha. Komabe yankho si umboni. Apemphe chikalata chachiwiri cholandirira katundu, aone khadi la sitoko, ndipo ngati n'kofunika alembere wogulitsa fetelezayo. Chikalatacho chikapezeka, nambala yake ilembedwe ndipo nkhani yatha. Chikasowa, K360,000 ija ilowe pa mndandanda wa zolakwika, ndipo odita alembe ngati wawonjezera mavocha ena a wogulitsa yemweyo, angati, ndi zimene wapeza.

Apa ndi pamene mafayilo ambiri amagwera. Ena akapeza vocha yovuta amaibweza mwakachetechete n'kutenga ina yabwino, ndipo mungazindikire poona kuti manambala sakutsatanso mpata umene unalembedwa. Ena amalemba kuti "akuluakulu afotokoza" osanena kuti afotokoza zotani. Enanso amakopera tsamba la chaka chatha, moti masiku ndi mayina a anthu amene anachoka kale zimatsalira momwemo. Palinso amene amadzaza fayilo ndi mafotokope mazanamazana osalembapo chimene anaonapo. Fayilo yonenepa si umboni wa ntchito yabwino, ndipo lamulo silinena kuti chikalata chilichonse chikopedwe. Chofunika ndi chakuti chikalatacho chithe kupezekanso, ngakhale kuti mapangano akuluakulu ndi zikalata za nkhani yokayikitsa ndi bwino kusunga makope ake.

Kumapeto kwa tsamba kumabwera chigamulo, choyankha cholinga chomwe chija: mavocha 23 mwa 24 ali bwino, imodzi ili ndi vuto lakutilakuti, ndipo vutolo likukhudza malipoti a chuma motere. Ngati odita waona kuti K360,000 ndi yochepa poyerekeza ndi malire amene anaika poyamba, alembe malirewo ndi maganizo ake, kuti wina athe kugwirizana naye kapena kumutsutsa. Alembenso dzina lake ndi tsiku limene wamaliza, ndipo womuyang'anira alembe lake, tsiku limene waunika ndi zimene waunikazo.

Zonsezi zimalembedwa ntchito ili mkati, mutu usanaiwale. Malamulo a maodita amati fayilo isonkhanitsidwe n'kutsekedwa, kawirikawiri pasanathe masiku 60 kuchokera pa tsiku la lipoti, ndipo isungidwe zaka zosachepera zisanu. Ikatsekedwa, palibe kuchotsamo kanthu nthawi yosungayo isanathe, ndipo chilichonse chowonjezeredwa chionetse wowonjezera, tsiku ndi chifukwa. Ku America, kampani ya maodita ya Arthur Andersen inagwa mu 2002 zitadziwika kuti antchito ake anang'amba zikalata zokhudza kampani ya Enron, ndipo chaka chomwecho dzikolo linakhwimitsa malamulo osunga mapepala a oditi.

Fayiloyi ndi ya odita, ndipo sangakupatseni kuti muiwerenge momwe mukufunira. Koma ngati muli m'komiti ya bungwe, mpingo kapena sukulu, muli ndi ufulu womufunsa kuti anaona malipiro angati, anawasankha motani, ndipo anachita chiyani ndi amene sanagwirizane. Odita amene analemba bwino adzakuyankhani ndi manambala. Inunso sungani mavocha anu motsatana manambala, invoisi ndi chikalata cholandirira katundu zitamangidwa pamodzi, kuti aliyense wofuna kubwereza ntchitoyo azipeze pamalo pake.