Pepala lochongedwa likuuzeni poyambira kuwerenga

Pa zaka zomwe ndaphunzitsa masamu ku Fomu 4, ndaona kuti ophunzira akalandira pepala la mayeso oyeserera amangoyang'ana malikisi a pamwamba, n'kulipinda. Chonsecho pepala limenelo ndilo lingawauze choyamba kuwerenga MSCE isanafike.

Chimene ndimawauza n'chakuti atenge pepala lina, alembe mutu wa funso lililonse, malikisi ake ndi omwe ataya. Akatero aphatikize mafunso a mutu umodzi.

Titenge mtsikana amene wapeza 46 pa 100. Iye wataya malikisi 54. Pa aljebura wataya 20 mwa 30, pa jometiri ya mabwalo 13 mwa 15, pa thirigonometiri 9 mwa 15, pa sitatisitikisi 2 mwa 10, ndipo 10 otsalawo amwazikana m'mitu ina. Apa zaoneka kale kuti mitu iwiri yokha yamudyera malikisi 33.

Koma asanagawe nthawi, ayenera kufunsa chifukwa chomwe analakwira funso lililonse. Zifukwa zimakhala zitatu: sankadziwa njira, ankaidziwa koma anaphonya pang'ono monga kuiwala chizindikiro chochotsera, kapena nthawi inamuthera. Pozindikira pake m'posavuta. Ngati aphunzitsi anachonga mizere yoyamba n'kuthetha yankho lokha, njira akuidziwa. Ngati anathetha kuyambira mzere woyamba, mutuwo sunalowe.

Mtsikana uja atayang'anitsitsa akupeza kuti malikisi 6 mwa 9 a thirigonometiri anapita pa funso lomaliza, lomwe sanalifikire koma akulitha ali kunyumba. Choncho mutuwu si wofooka monga umaonekera. Vuto ndi liwiro.

Ngati ali ndi maola 10 a masamu pa sabata, ndingamugawire motere: anayi aljebura, atatu jometiri ya mabwalo, limodzi thirigonometiri, limodzi mitu yotsala, ndipo lomaliza ayankhe mafunso akuyang'ana wotchi. Aljebura ikutsogola chifukwa yataya malikisi ochuluka, komanso mitu ina yambiri imatsamira pa iyo. Sitatisitikisi, ngakhale amaikonda, idikire. Ambiri amagwa apa: amabwereza zomwe akudziwa kale poti zimakoma, n'kumati awerenga.

Pakatha sabata ziwiri, abwerezenso mafunso omwe analakwa buku lili chitsekere, kenako ayese ofanana nawo a m'mapepala akale a MANEB. Akakhoza akale okha n'kulephera atsopano, ndiye kuti wangoloweza mayankho, ndipo mutuwo ukhalebe pamwamba. Akakhoza onse, maola ake apite ku mutu wotsatira.

Chenjezo langa ndi ili: pepala limodzi silifunsa silabasi yonse. Funso lomwe munalilumpha dala posankha silionetsa malikisi otayika, komatu mwina ndi pomwe pabisala kufooka kwanu. Lilembeni pamndandanda, ndipo mitu yomwe sinabwere muiyese panokha musanaiyese yodziwika.