Geti limodzi, mabanja asanu ndi limodzi

Tiyerekeze mpanda wina ku Area 25 mu Lilongwe: nyumba zalendi zisanu ndi imodzi, mpopi umodzi, dzala limodzi, geti limodzi. M'nyumba yoyamba muli namwino amene masiku ena amagwira ntchito yausiku. Yachitatu muli mayi wa mandasi amene amalawira 4 koloko m'bandakucha. Yakumapeto muli mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo mabanja awiri ali ndi galimoto. Alandilodi, omwe amakhala kwina, angolamula pafoni kuti geti lizitsekedwa 9 koloko usiku. Lamulo limenelo silitha sabata, chifukwa theka la anthu a mumpandamo silingathe kulitsatira.

Vuto ndi lakuti lamulolo langotchula nthawi, osanena kuti wotseka ndani komanso wobwera mochedwa alowa bwanji. Chofunika ndi kusiyanitsa geti lalikulu la galimoto ndi kageti ka anthu apansi. Lalikulu lingatsekedwe 9 koloko ndi kutsekulidwa 5 koloko m'mawa, ndipo ntchito yotseka izizungulira nyumba ndi nyumba, sabata imodzi imodzi. Kusinthana tsiku lililonse kumangobala mkangano woti dzulo anali ndani. Kageti kakhale ndi loko yotsekulika mkati ndi kunja, ndipo banja lililonse likhale ndi kiyi wake. Loko yopachika imatsekera kunja namwino uja, kenako amayamba kumenya geti pakati pausiku. Wotaya kiyi agule loko yatsopano ndi kudulitsira mabanja onse makiyi, pakuti simudziwa watola ndani. Mukapeza loko ili lende m'mawa, kapena mapazi a nsapato pakhoma, dziwani kuti nthawi imene munaikayo ikupana wina wake.

Nkhani ya alendo ndiyo yofunika kuigwira mosamala. Kwathu kuno sungauze munthu kuti asalandire mayi ake ochokera kumudzi amene abwera kudzadwazika matenda ku Kamuzu Central. Lamulo loletsa alendo ndi lopanda umunthu, ndipo palibe angalisunge. Chimene chimawawa anzanu ndi madzi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame ena amafika mwezi wachitatu akusamba ndi kuchapa pampopi womwewo. Ndiye gwirizanani kuti mlendo akapitirira masabata awiri, aziwerengedwa pogawana bilu. Mwachitsanzo, bilu ya K60,000 pa anthu 20 ndiye kuti aliyense K3,000. Banja la anthu atatu likalandira alendo awiri mwezi wonse, anthu akwana 22, aliyense alipira pafupifupi K2,730, ndipo banjalo lilipirira anthu asanu. Maliro asalowe m'masamu amenewa. Chinanso, mlendo wobwera usiku akamutengere pageti ndi mwini mlendo, ndipo asamubwereke kiyi.

Pa zinyalala, mawu oti "tizisamala pakhomo" sathandiza kanthu. Tchulani zinthu ndi maina ake. Phulusa la pambaula liyambe lazimitsidwa ndi madzi, chifukwa khala limodzi likakumana ndi majumbo m'dzala, utsi umalowa m'nyumba zonse. Matewera otaya amangidwe m'jumbo ndi kuikidwa m'bini yovindikira, apo ayi agalu awamwaza bwalo lonse. Ndipo asaponyedwe m'chimbudzi, chifukwa saola ndipo amachidzazitsa msanga. Makoko a nthochi ndi masamba akhoza kukhala ndi dzenje lawolawo la manyowa. Ngati mumalipira anthu odzatenga zinyalala, ndalamayo izisonkhedwa tsiku limodzi ndi lendi, kwa munthu mmodzi wodziwika.

Za galimoto n'zachidule. Aliyense akhale ndi malo ake okhazikika, ndipo wolawira m'mawa aziimika kufupi ndi geti kuti asadzutse mnzake. Pasaimikidwe galimoto pamwamba pa silabu ya sepitiki thanki, poti ikhoza kugumuka, ngakhalenso panjira ya kumpopi. Galimoto ya mlendo itsale kunja pokhapokha malo alipo. Wa kabaza azizimitsa injini pageti n'kukankha njinga akabwera usiku. Nanga galimoto yowonongeka imene yakhala pamiyala chaka chonse? Ipatseni malire a miyezi.

Zonsezi zikambidwe onse ali pamodzi, alandilodi alipo, kenako zilembedwe patsamba limodzi n'kusainidwa. Mulembenso chochita ndi wophwanya: kumuchenjeza kaye pawiri, kenako nkhani ipite kwa alandilodi, ikakanika kwa amfumu a m'dera. Kutsekera munthu kunja kapena kumubisira kiyi wa pampopi si chilango choyenera, kumangokulitsa udani. Ndipo inu alandilodi, wofuna nyumba muzimuonetsa pepalalo asanapereke ndalama ya lendi yoyamba.