Chikasu cha Khanda: Yang'anani Tsiku, Yang'anani Mapazi

Mayi akachira bwinobwino, kawirikawiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Koma chikasu chimayamba kuoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kufika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu. Nthawi imeneyo khanda limakhala kunyumba, m'chikuta, lofunditsidwa zitenje m'chipinda cha mdima. Choncho woyamba kuchiona amakhala mayi kapena agogo, anamwino ali kutali.

Chikasu chimachokera m'magazi a mwana yemweyo. Maselo ofiira akatha ntchito amasweka n'kusiya zinyalala zachikasu zotchedwa bilirubini. Zinyalalazi sizisungunuka m'madzi, motero impso sizingazitaye. Chiwindi ndicho chimazigwira, n'kuzilumikiza ndi mtundu wina wa shuga kuti zisungunuke, kenako n'kuzitumiza m'matumbo pamodzi ndi ndulu kuti zituluke ndi chimbudzi.

Kwa khanda ntchitoyi imachuluka mphamvu zili zochepa. Limabadwa ndi maselo ofiira ambiri, amene amakhala masiku 70 mpaka 90 okha, pamene a munthu wamkulu amafika 120. Chiwindi nacho chimakhala chisanazolowere, poti m'mimba zinyalalazo zinkadutsa pa nsengwa kupita kwa mayi. Ndipo chimbudzi chikachedwa kutuluka, matumbo amayamwanso bilirubini kubwezera m'magazi. N'chifukwa chake kuyamwitsa pafupipafupi, kasanu ndi katatu kapena kuposa pa tsiku, kumathandiza kwambiri. Madzi a shuga sathandiza konse. Amangodzaza kamimba, mwana n'kuleka kuyamwa.

Makanda pafupifupi 6 mwa 10 obadwa masiku atakwana amachita chikasu, ndipo mwa ambiri chimatha chokha pasanathe milungu iwiri. Vuto limabwera bilirubini ikakwera mopitirira, chifukwa imalowa mu ubongo. Mwana akapulumuka akhoza kukhala wosamva, kapena wopuwala ziwalo moyo wake wonse. Chimandipweteka n'chakuti kulumala kumeneku kumapeweka ndi nyale chabe.

Tiyerekeze khanda lobadwa Lolemba m'mawa, masiku atakwana. Lachitatu mayi alitengera pakhomo pomwe pali kuwala, asindikiza chala pamphuno pake, ndipo pochotsa chalacho khungu laoneka lachikasu. M'maso ndi m'nkhama namonso mwayamba. Pa khungu lakuda, kuyang'ana kokha osasindikiza kumanyenga. Chikasu chimayambira kumutu kumatsikira kumapazi, ndiye mayiyo ayang'ane pachifuwa, pamimba, pamiyendo. Ngati chili kumaso kokha ndipo mwana akuyamwa mwamphamvu, amuonetse kwa azaumoyo ndi kupitiriza kuyang'ana tsiku lililonse. Koma Lachinayi zikhatho ndi kunsi kwa mapazi zikachita chikasu, mwana n'kumagona osadzukira bere, palibenso kudikira kuti kuche.

Kuchipatala amayeza magazi, chifukwa maso sangadziwe mlingo weniweni. Kachipangizo kena kotchipa koyezera ndi dontho limodzi, kopangidwa ndi a Yunivesite ya Rice ku America, kanayesedwa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse amati mwana wathanzi wobadwa masiku atakwana aikidwe pa nyale bilirubini ikafika mamiligalamu 15 pa desilita tsiku lachiwiri, kapena 18 kuyambira tsiku lachitatu. Wobadwa masiku asanakwane amamuyamba msanga, mlingo uli wotsika. Chikasu chikaoneka m'maola 24 oyamba, chithandizo chimayamba pompo, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti magazi akusweka mofulumira, mwina poti gulu la magazi a mayi ndi la mwana sakugwirizana.

Ku nazale mwana amamugoneka ali ndi thewera lokha, maso ataphimbidwa, pansi pa kuwala kwa buluu. Kuwalako kumasintha kapangidwe ka bilirubini ili pakhungu kuti ithe kutuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi popanda kudikira chiwindi. Sikupweteka. Mayi amamutenga kukayamwitsa n'kumubwezera msanga, ndipo ambiri amachira m'tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Nyale ikalephera, madokotala amasintha magazi a mwanayo.

Ambiri timamva zoti khanda lingootha dzuwa la m'mawa. Dzuwa silingalowe m'malo mwa nyale ija. Limawotcha khungu, mwana wovulidwa amazizidwa, ndipo masiku amapita akuluakulu akuganiza kuti akuchiza.

Pali chikasu china chimene nyale sichiritsa. Chikapitirira milungu iwiri, chimbudzi n'kukhala choyererako ngati dothi la makande oyera, mkodzo uli woderapo, mwina njira ya ndulu yatsekeka, ndipo opaleshoni yake imayenda bwino mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Mayi, mukaona thewera lotere, pitani nalo limodzi ndi mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo.