Msonkho munalipira, koma buku likuti muli ndi ngongole

Tenda ya boma ikutsekedwa Lachisanu. Mwapempha ku MRA satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, imene pa Msonkho Online imalembedwa kuti Tax Clearance Certificate, koma yankho labwera loti muyambe mwalipira K180,000. Chonsecho risiti ya ndalama yomweyo ili m'thumba mwanu. Ambiri zikafika apa mtima umakwera, ndipo amangolipiranso kuti zithe. Musathamangire kutero, chifukwa nthawi zambiri ndalamayo inafika ndithu, kungoti inakhala pamalo olakwika.

Tiyerekeze mayi wina wa shopu ya mabuku ndi zolembera ku Mzuzu, amene amadula msonkho wa PAYE pa malipiro a antchito ake. Msonkho wa Malichi uyenera kufika ku MRA pasanadutse pa 14 Epulo, ndipo iye analipira ku banki pa 12. Koma potulutsa PRN, nambala ija imene munthu amapita nayo kukalipira, anasankha mwezi wa Epulo m'malo mwa Malichi. Makina sadziwa zimene zinali mumtima mwake. Amaona Malichi wosalipiridwa n'kuyamba kumuwerengera chilango ndi chiwongoladzanja, pomwe K180,000 ija yangokhala phee pa Epulo.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Onani sitetimenti ya akaunti yanu ya msonkho, muiyike pambali pa risiti ya ku banki, ndipo mufufuze mwezi ndi mwezi. Mukapeza ndalama yotsalira yofanana ndendende ndi ngongoleyo pa mwezi wina, kapena pa mtundu wina wa msonkho, mwaipeza. Ikapanda kuoneka paliponse, yang'anitsitsani TPIN imene ili pa risiti, chifukwa amene ali ndi mabizinesi awiri amatha kulipirira ina poganiza kuti akulipirira inzake. Ngongole ikakhala yochepa kuposa imene munalipira, mwina n'chilango choti munachedwa, ndipo imeneyo ndi ngongole yeniyeni.

Kufotokoza pakamwa pa kauntala sikusuntha ndalama. Lembani kalata ku ofesi ya MRA imene imasunga fayilo yanu. Mutchule TPIN, mtundu wa msonkho, mwezi, PRN, tsiku lolipira ndi kuchuluka kwa ndalama, muphatikizepo kope ya risiti ndi sitetimenti ya ku banki. Mupemphe zinthu ziwiri: kuti ndalamayo aisamutsire pa mwezi woyenera, komanso kuti achotse chilango popeza munalipira nthawi isanakwane. Chachiwirichi anthu amachiiwala, ndiye K180,000 imachoka koma kachilango n'kutsala, satifiketi n'kukanikabe. Kope ya kalata yanu akudindireni, ndipo risiti yeniyeni musamusiyire munthu.

Kukonza kumeneku kumatenga masiku, ndipo tenda siidikira munthu. Ine ndimati aliyense wochita bizinesi aziona sitetimenti yake akangolipira, inki ya pa risiti isanafufute. Ngati mukudziwa kuti mwezi wamawa mufuna satifiketi, kaioneni sabata ino.