Mzere Wowongoka Umene Umabisa Kupindika

Mu labotale yoyeza madzi, katswiri amathira mankhwala a molibudeti ndi asidi wa asikobiki m'madzi ooneka oyera, ndipo pakapita mphindi khumi madziwo amabiriwira ngati thambo. Madzi akakhala ndi fosiforasi wambiri, mtunduwo umadera. Njira imeneyi anaifalitsa ndi Murphy ndi Riley mu 1962, ndipo mpaka lero ndi yodalirika poyeza madzi ndi dothi.

Diso silingathe kunena kuti mtunduwo wada bwanji. Ntchitoyo ndi ya makina otchedwa sipekitirofotomita, amene amawalitsa kuwala kwa mananomita 880 kudutsa m'kabotolo kotalika sentimita imodzi m'mimba mwake, n'kuyeza kuwala kumene kwamezedwa. Komatu makinawo sadziwa fosiforasi. Amangotulutsa nambala, ndipo kuti nambalayo isanduke mamiligalamu pa lita, pamafunika mzere woyezera.

Lamulo la Beer ndi Lambert limati fosiforasi akawirikiza kawiri, kuwala komezedwa nakonso kumawirikiza kawiri. Choncho katswiri amasakaniza madzi amene akudziwiratu mlingo wake, amawayeza, amaika madontho pa girafu, kenako kompyuta imajambula mzere wodutsa pafupi kwambiri ndi madontho onse. Masamu osankhira mzerewo anawasindikiza koyamba ndi Legendre mu 1805.

Nachi chitsanzo chongoyerekezera. Mabotolo asanu ndi limodzi ali ndi mamiligalamu 0, 0.5, 1.0, 1.5, 2.0 ndi 2.5 pa lita, ndipo makina awerenga 0.00, 0.33, 0.66, 0.98, 1.26 ndi 1.48. Kompyuta ikupereka mzere wa A = 0.6006c + 0.0343, pomwe A ndi kuwala komezedwa ndipo c ndi mlingo wa fosiforasi. Pambali pake yalemba kuti R² = 0.995. Poti nambala imeneyi singapose 1, ambiri amakhutira n'kuyamba kuyeza madzi a anthu.

Apa m'pamene munthu wosamala amaima kaye. Amatenga zimene makina awerenga pa botolo lililonse n'kuchotsapo zimene mzere ukunena, ndipo chimene chatsalacho amachilemba. Pa botolo la 1.5, mzere ukuti 0.935 koma makina anati 0.98, ndiye chotsala ndi +0.045. Akatero ndi mabotolo onse, zotsala zikutuluka motere: −0.034, −0.005, +0.025, +0.045, +0.025 ndi −0.056.

Kukula kwa nambalazi si nkhani yaikulu. Nkhani ili pa kandandalikidwe kake. Mzere ukakhala wolondola, zotsala zimamwazika ngati mapira ofesa, china pamwamba china pansi, popanda dongosolo. Izi zayambira pansi, zakwera pakati, zagweranso pansi kumapeto, ngati uta. Ndiye kuti madonthowo apindika, ndipo mzere wowongokawo wangowakakamira. R² sangaulule zimenezi, chifukwa amangoyerekeza zotsalazo ndi kutalikirana kwa madontho onse, safunsa ngati zili ndi dongosolo.

Chodabwitsa n'chakuti vuto lili kumtunda koma wovulala kwambiri ndi wakumunsi. Madontho awiri omaliza apendeketsa mzere, moti sukudutsanso pafupi ndi ziro. Madzi amene makina awerenga 0.07, mzerewu ukuti ali ndi mamiligalamu 0.06 pa lita. Katswiri akachotsa mabotolo awiri akumtundawo n'kujambulanso, mzere umakhala A = 0.654c + 0.002, zotsala zonse zimachepera 0.005, ndipo madzi omwewo amapezeka ndi 0.10. Mzere woyamba uja unameza pafupifupi theka la yankho, ndipo madzi ambiri a m'mitsinje ndi m'nyanja amakhala kumunsi komweko.

Chimapinda madontho n'chiyani? Kawirikawiri ndi kuwala kosochera mkati mwa makina. A akakhala 1, gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a kuwala ndi limene limadutsa. Akafika 2, limodzi mwa 100. Pamenepo kuwala pang'ono kolambalala njira kumanamiza makina kuti madzi sanade kwenikweni. Nthawi zina mankhwala ndi amene amapereŵera, osakwanira kudetsa fosiforasi yense.

Zotsala zimaululanso zina. Chimodzi chokha chikadumpha anzake ali phee, wolakwa amakhala thovu, chidindo cha chala pa kabotolo, kapena dzanja limene linapyola muyeso, ndipo botolo limenelo alikonzenso, osati kungolifufuta pa pepala. Zikamatambasuka ngati fanulo mlingo ukamakwera, mzere umafunika kujambulidwa mopatsa mphamvu zambiri madontho akumunsi.

M'chitsanzo chija, mzere watsopano ukugwira ntchito mpaka mamiligalamu 1.5 pa lita basi. Madzi amene aŵerengedwa kupitirira 0.98 amasungunulidwa ndi madzi osungunulira, mwina gawo limodzi m'magawo asanu, amathiridwa mankhwala mwatsopano, ndipo yankho lake amalichulukitsa kasanu.