Tsamba limodzi lopulumutsa buku lonse

Mapulogalamu ocheza nawo ngati ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, ali ndi khalidwe lozunguza olemba mabuku: macheza atsopano akangotsegulidwa, zambiri zimene anagwirizana dzulo zimakhala zapita. Ena amasungako timfundo tina, koma buku lathunthu ayi. Ngakhale m'macheza amodzi omwewo, nkhani ikatalika zoyambirira zimayamba kutayika, poti mawu amene pulogalamu ingawerenge nthawi imodzi ali ndi malire.

Olemba ochenjera amasunga tsamba la zokumbukira kunja kwa machezawo, kaya mu Google Docs kaya m'foni momwemo. Akamayamba macheza atsopano amalimata pamwamba penipeni, ndipo akamaweruka amalikonza.

Titenge mphunzitsi wopuma pantchito amene akulemba mbiri ya mudzi wakwawo m'mitu 8. Pamwamba pa tsamba lake pali deti, kenako cholinga: bukuli ndi la ana a sekondale, choncho ziganizo zikhale zazifupi. Pansi pake pali zimene anagamula kale. Dzina la dziko likulembedwa Malaŵi, chilembo cha ŵ chosachotsa. Mafumu awiri a dzina limodzi akusiyanitsidwa ndi zaka zimene analamulira. Nkhani ya njala ya 1949 ili m'mutu 4, isabwerezedwe kwina. Mzere womaliza ukunena pamene ntchito yalekezera: mutu 5 watha, mutu 6 uyambe ndi kumangidwa kwa sukulu.

Chigawo chimene ambiri amachidumpha ndi cha zokanidwa, chonsecho n'chimene chimapulumutsa nthawi yambiri. Mphunzitsiyu anachotsa nkhani ya mkangano wa malo chifukwa mabanja ake akadali moyo. Akapanda kulemba zimenezi pamodzi ndi chifukwa chake, pulogalamu ikaona mkanganowo m'zolemba zake idzaubweretsanso ngati nzeru yatsopano, ndipo pakatha mwezi mwina mwini wakeyo adzakhala ataiwala chimene anauchotsera.

Tsambali limawonongeka likanenepa. Munthu akamangowonjezera osafufuta, limafika masamba khumi, ndipo lamulo lakale limatsutsana ndi latsopano. Zikatero mayina amayamba kusinthasintha kalembedwe, nkhani yomwe inatha imabwereranso, kapena pulogalamu imafotokoza molimba mtima zinthu zimene mulibe m'mutu 3, popeza makinawa akasowa chonena nthawi zina amangopeka. Tsamba limodzi kapena awiri n'lokwanira, ndipo mitu yeniyeniyo ikhale m'fayilo ina, kumangomatako umene ukugwiridwa tsikulo.

Ena amauza pulogalamu kuti ilembe yokha chidule cha tsikulo. Palibe cholakwika, bola mwini wake awerenge mzere ndi mzere asanasunge, pakuti 1949 ikalembedwa 1994 patsambalo, macheza onse otsatira adzaitenga ngati yoona mpaka mutu womaliza.